"Ndili bwino": mbiri ya yankho losadikira kuti zinthu zikhale bwino

Munthu akhoza kugona ndi njala, mwana ali gone kuchipatala, angongole akumusaka, koma mukakumana naye pamsewu n'kumufunsa kuti "Muli bwanji?" adzakuyankhani kuti "Ndili bwino, kaya inu?" Alendo amene amaphunzira Chichewa amadabwa nazo zimenezi. Ena amati Amalawi timakonda kubisa, ena amati ndi ulemu chabe wopanda tanthauzo. Mayankho awiri onsewa sandikhutiritsa, chifukwa amatenga mawu awiriwa paokha ngati kuti zokambirana zimathera pomwepo. Mfundo yanga m'nkhani ino ndi yakuti "ndili bwino" ndi gawo loyamba la mwambo wautali wolandirana, ndipo gawo lonenera mavuto linali lina, lotchedwa malonje. M'zaka za atsamunda ndi zotsatira zake, malonje akhala akufupikirafupikira, pomwe moni watsala. Tikamvetsa mbiri imeneyi, timvetsanso chifukwa chake yankholi si bodza, komanso pamene limasanduka ngozi.

Tiyambe ndi mawu enieniwo. Mu "ndili bwino" muli mneni "-li" amene amanena za m'mene chinthu chakhalira kapena kumene chili, monga mu "ndili kumunda" kapena "ali m'nyumba". Ndi wosiyana ndi "ndine", amene amanena chimene munthu ali. "Ndine wabwino" ndi kudzitama pa khalidwe kapena maonekedwe, ndipo palibe amene angayankhe moni motero. "Bwino" ndi muonjezi, ndipo ntchito yake ndi yotakata kwambiri. Timati "yendani bwino", "tsalani bwino", "gonani bwino", ngakhalenso "bwinotu!" pochenjeza mwana amene wayandikira moto. M'malo onsewa "bwino" sakunena za chimwemwe. Akunena za kusagwa m'ngozi, kusapunthwa, kukhala m'malo mwake. Choncho amene wati "ndili bwino" sananene kuti mtima wake uli mbee. Chimene wanena ndi chakuti wadzuka, waima, ndipo angathe kulankhula nanu.

Umboni wake tiupeza tikayang'ana kukana kwake. "Sindili bwino" si mawu amene munthu amanena chifukwa malonda sanayende kapena wakangana ndi mkazi wake. Akatero, womvayo amaganiza za matenda nthawi yomweyo, n'kufunsa kuti "Chavuta n'chiyani, malungo?" Ndipo mukamva achibale akunong'onezana kuti "agogo sali bwino", dziwani kuti anthu ayamba kuitanizana. Kukana kwa yankholi kunasungidwira zinthu zazikulu. Ndiye ngati "sindili bwino" ndi belu la ngozi, "ndili bwino" amakwirira dera lonse lotsala, kuyambira wosangalala mpaka wovutika amene sanagwe.

Tsopano za malonje. M'midzi yambiri ya Achewa ndi Amang'anja, mlendo safika n'kuyamba kukamba chimene wabwerera. Amaodira ali chapatali, eni nyumba amayankha, amamulandira katundu, amamuyalira mphasa kapena kumupatsa mpando. Akakhala pansi m'pamene moni amayamba, ndipo aliyense wa pakhomopo amabwera payekha kudzapereka wake, ana atagwada, akuluakulu akuomba m'manja chapansipansi. Pali moni wina amene achikulire akadali kumugwiritsa ntchito, wakuti "Tikuoneni", amene safunsa n'komwe za moyo. Amangovomereza kuti munthu wafika ndipo waonedwa. Mawu akuti "moni" eni akewo anthu amawafotokoza pawiri: ena amati anachokera ku moni wa m'mawa wa Chingerezi, ena amati ndi chidule cha "muoneni". Kufotokoza kwachiwiriku kukugwirizana ndi "Tikuoneni" uja, komanso ndi "monire" wa Atumbuka.

Moni akatha, mwini nyumba amapempha malonje. Apa mlendo amafotokoza mwadongosolo: ananyamuka liti, wayenda bwanji, kumene wachokera wasiyako zotani, ndani akudwala, mvula yagwa bwanji, ndipo pomaliza chimene wadzera. Eni nyumba nawo amabweza malonje awo. Nkhani zoipa zili ndi malo ake, ndipo malowo ndi ano. Kunena za matenda kapena njala pa moni woyamba kuli ngati kupakula nsima madzi osamba m'manja asanabwere.

Tione chitsanzo chongoyerekeza, koma chimene aliyense wokulira kumudzi angachizindikire. Ndi mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zapuma, chimanga cha m'munda sichinakhwime. Mayi wina wayenda ulendo wa maola awiri kupita kwa mlongo wake wamkulu. Kwawo ufa unatha dzana, ndipo mwana wake wamng'ono wakhala akutentha thupi masiku atatu. Atakhala pamphasa, alamu ake, akazi a mlongo wakeyo, akuyamba:

"Muli bwanji, alamu?"

"Ndili bwino, kaya inu?"

"Tili bwino. Nanga kunyumba mwasiyako bwanji?"

"Kuli bwino ndithu. Koma kamnzanu kaja ndiye sikanadzuke bwino."

"Pepani. Kayamba liti?"

"Lero ndi lachitatu."

Kenaka akutulukira mlongo wake, moni akubwerezedwa kuyambira pachiyambi, mayi uja akuyankhanso kuti ali bwino. Atakhala chete pang'ono, bamboyo akufunsa:

"Nanga n'kwabwino, achemwali?"

"N'kwabwino, achimwene. Kungoti kunyumba kuja moto sitinasonkhe chidzulo."

Taonani m'mene nkhani yayendera. Funso loyamba likufunsa za iye mwini, ndipo yankho ndi lathunthu, lopanda chotsalira. Funso lachiwiri likutambasukira kunyumba, ndipo m'pamene "koma" akulowa. Funso lachitatu, "n'kwabwino?", ndilo khomo la malonje, ndipo ngakhale pamenepa mayiyu akuyamba wavomera kaye asanatchule njala, imenenso sakuitchula dzina. Mawu akuti "bwino" awanena pa mafunso onse atatu, ndipo pofika pa lachitatu mlongo wake wadziwa zonse: kukufunika ufa, kukufunikanso ndalama yopitira kuchipatala. Palibe amene wanamizidwa. Chimene "ndili bwino" wachita ndi kupatsa mayiyu mpata wofika ngati mlendo asanakhale wopempha, ndi kupatsa eni nyumba mpata womulandira ngati m'bale asanayambe kuwerengera za m'nkhokwe mwawo. Ngakhale wobwera ndi uthenga wa maliro amatha kuyankha moni bwinobwino, n'kudikira kuti anthu akhale pansi.

Palinso "kaya inu", amene nthawi zambiri timamuiwala pokambirana za yankholi. "Kaya" ndi mawu a kusadziwa, omwe aja timanena tikafunsidwa chinthu chimene sitikuchidziwa. Woyankhayo akuti za ine ndi zimenezo, za inu ndiye sindikudziwa. Mayankho a anansi athu ali ndi mtima womwewo. Ayao akafunsidwa amati ali "chenene" n'kubweza funso, Atumbuka amati ali "makola" n'kubwezanso. Achibale athu amene anakhazikika ku Zimbabwe amadziwa kuti m'Chishona moni wa m'mawa amayankhidwa mwakuti ndagona ngati inunso mwagona. Kumeneko ubwino wa woyankha waikidwa poyera kuti ukudalira ubwino wa wofunsa. M'moni wotere, munthu amene wayamba kuyala mavuto ake asanabweze funso amaoneka ngati wadya yekha.

Zimenezi si zathu zokha. Amene amawerenga Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu m'Chinyanja mu 1922, akumbukira mayi wa ku Sunemu m'chaputala 4 cha buku lachiwiri la Mafumu. Mwana wake atamwalira, ananyamuka kupita kwa Elisa. Gehazi, mnyamata wa mneneriyo, anamuchingamira panjira n'kumufunsa za moyo wake, wa mwamuna wake ndi wa mwanayo, ndipo mayiyo anayankha zosonyeza kuti kulibe vuto. Atafika kwa Elisa mwiniwake m'pamene anagwira mapazi ake n'kutulutsa chisoni chake. Mlaliki akhoza kuona chikhulupiriro m'nkhaniyi, koma wophunzira chilankhulo aonamonso china: panjira ndi pa moni, ndipo malonje amaperekedwa kwa mwini nkhani.

Nanga chinasintha n'chiyani? Choyamba ndi ulendo wa kunja ndi kalata. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, msonkho wa nyumba ndi thangata zinakankha amuna ambiri a ku Nyasalande kukafuna ntchito kuminda ndi kumigodi ya ku Rodeshiya ndi ku Joni. Moyo wa kumeneko unali wowawa. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba ntchito m'migodi anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto, kuphatikizapo kwathu kuno, chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo. Chiletsocho chinadzachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo Wenela inapitiriza kutenga anthu mpaka mu 1974, pamene ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuimitsa ulendowo.

M'zaka zonsezi, mwamuna ndi banja lake ankalumikizana pa kalata. Ndipo kalata ya Chichewa inatengera moni wa pamphasa pafupifupi osasintha kanthu: moni, kufunsa za moyo, kenaka "ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko". Ambiri a ife tinaphunzira kalembedwe kameneka kusukulu ya pulayimale. Koma kalata ili ndi zovuta ziwiri zimene mphasa ilibe. Poyamba, palibe wofunsa funso lachiwiri ndi lachitatu. Wolemba akati ali bwino, palibe mlamu woti amuyang'ane kumaso n'kunena kuti "Nanga n'kwabwino?" Kachiwiri, ambiri sankadziwa kulemba ndi kuwerenga, choncho kalata inkadutsa m'manja mwa mnzake wa pakomponi amene walemba, ndi mphunzitsi kapena mwana wa sukulu amene akaiwerenge mokweza kumudzi. Munthu sangaulule za chifuwa chake kapena za ndalama zimene zatha m'makutu mwa anthu onsewo. Mkazi wotsala kumudzi nayenso, poyankha, ankadziwa kuti mwamuna ali kutali ndipo sangachite kanthu msanga. Apa m'pamene ndikuona "ndili bwino" akuyamba kuima yekha, wopanda malonje pambuyo pake.

Chachiwiri ndi tauni ndi ofesi. Pamsewu wa ku Limbe kapena pa depoti ya basi ku Lilongwe mulibe mphasa. Anthu amapatsana moni akuyenda, ndipo mwambo wonse uja umapanikizika m'mizere iwiri. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko, n'kumaphunzitsidwa m'sukulu za dziko lonse ndi kumveka pa wailesi tsiku ndi tsiku. "Muli bwanji? Ndili bwino, kaya inu?" anakhala moni wa aliyense, wa Mtumbuka ndi Mlomwe okumana m'sitolo, wa kalaliki ndi wodzafuna chithandizo. Pakati pa anthu osadziwana, malonje alibe malo n'komwe. Yankho limene kumudzi linali chiyambi, m'tauni linakhala nkhani yonse.

Chachitatu ndi ndale. Kuyambira mu 1966 Malawi linali dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. M'zolankhula zake ankabwereza kawirikawiri kuti anthu ake ali ndi chakudya, akuvala bwino, ndipo akugona m'nyumba zosadontha. Anthu ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo sunkadziwa kuti wakhala naye m'basi ndi ndani. M'nyengo yotere kudandaula za njala kapena mitengo ya zinthu pagulu kukanatha kumveka ngati kutsutsa boma. Sindikunena kuti Kamuzu ndiye anayambitsa "ndili bwino", ayi, yankholi ndi lakale kuposa iye. Koma mwambo umene unalipo kale unapeza ntchito yatsopano, yodzitetezera. N'chifukwa chake kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inagwedeza dziko. Zimene inanena, za umphawi, za zipatala, za kusowa ufulu wolankhula, anthu ankazidziwa kale. Chachilendo chinali kuzimva zikunenedwa mokweza, pagulu. Tingati inali malonje a dziko lonse, operekedwa patapita zaka zambiri za moni yekhayekha.

Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Bronislaw Malinowski analemba mu 1923 za mtundu wa kulankhula umene cholinga chake ndi kumanga ubale, osati kupereka uthenga, ndipo moni ndiye chitsanzo chimene ophunzira timapatsidwa kawirikawiri. Maganizo amenewa amathandiza, koma pa Chichewa amaperewera. Malonje atayamba kusowa malo, uthenga suja unatayika wonse. Wina unalowa m'yankho momwemo. Popeza aliyense akuyembekezera "ndili bwino", kusintha kulikonse, ngakhale kochepa, kumamveka.

Tamverani makwerero ake. "Ndili bwino" ndi poyambira, sanena zambiri. "Ndili bwino ndithu" kapena "ndili gwa" ndi wa munthu amene alidi ndi mphamvu. "Ndiliko bwino", ndi "-ko" wochepetsa uja, ndi wa amene anadwala ndipo akuchira. "Ndili bwino pang'ono" ndiye msampha wa ophunzira Chichewa, chifukwa amamva ngati munthu ali bwino ndithu kungochepa pang'ono, pamene mwini chilankhulo amamva kuti munthuyu akudwala, n'kuyankha kuti "Pepani". Kutsika apo timapeza mayankho amene "bwino" wachokamo: "tilipo", "tadzuka", "choncho", "tikuyesera", "bola moyo". Amene wati "tilipo" wangotsimikiza kuti sanafe. Amene wati "choncho", makamaka atakoka mawu ndi kupendeketsa dzanja, wakutsegulirani chitseko kuti mufunse. Achinyamata ali ndi makwerero awoawo. "Bhobho" ndi "shapu" ali pamwamba, pamene "aaa, zovuta" kapena "tikungokhalira yomweyo" amanenedwa moseka, kuseka kumene kumalola mnzako kusankha kufunsa kapena kusekera limodzi.

Choncho womva bwino Chichewa samvera mawu okha. Amamvera chimene chachotsedwa, chimene chawonjezedwa, kachedwedwe ka yankho, ndiponso ngati "kaya inu" wabwera. Munthu amene nthawi zonse amabweza funso, lero n'kungoti "ndili bwino" basi, wanena kanthu.

Pamene zimavuta ndi pamene wofunsa watenga moni ngati funso lenileni. Kuchipatala ndiye poonekera. Dokotala kapena namwino akayamba ndi "Muli bwanji?", wodwala, ngakhale wabwera atanyamulidwa pa njinga, akhoza kuyankha kuti "Ndili bwino", chifukwa wamva moni ndipo wayankha moni. Azachipatala ozolowera amadziwa kuti funso la ntchito limabwera pambuyo: "Mwabwera ndi vuto lanji?" kapena "Chikukupwetekani n'chiyani?" Chimodzimodzi ochita kafukufuku amene amamasulira mafunso kuchokera ku Chingerezi. Funso lofuna kudziwa m'mene munthu akuonera umoyo wake likamasuliridwa mofanana ndi moni, mayankho ake adzakhala a moni, ndipo pepala lidzaonetsa mudzi wa anthu athanzi okhaokha. Njira yozindikirira vutoli ndi yosavuta: ngati woyankha wawonjezera "kaya inu", dziwani kuti simunafunse kanthu, mwangopereka moni.

Koma palinso vuto lina lozama, limene sitingalikankhire kwa alendo. Mwambo wa malonje unkagwira ntchito chifukwa panali munthu wachiwiri wokhala ndi nthawi komanso udindo wofunsa mpaka kachitatu. Lero moni wambiri timapatsana pa foni, mayunitsi akutha, kapena pa uthenga wolemba umene ulibe nkhope kapena mawu. Wophunzira amene ali ku Zomba fizi itamuvuta, kapena mnyamata amene ali ku Joni ntchito itatha, amalembera amayi ake kuti "ndili bwino amayi", monga ankachitira agogo ake pa kalata ya ku mgodi. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, kutanthauza kuti wovutika ndiye ayambe kufuna thandizo. Mwambiwu ndi woona, koma dongosolo la moni wathu linagawa ntchitoyo pawiri: wovutika amatsegula pang'ono, ndi "koma" kapena "choncho", ndipo wofunsa amakankha. Mavuto a m'maganizo ndiwo amabisala bwino kwambiri m'menemu, chifukwa, monga taonera, "sindili bwino" timamusungira matenda a thupi. Munthu amene mtima wake walemera koma thupi lili gwa sanama akati ali bwino, malinga ndi malamulo a chilankhulo. Kungoti funso loti limufike silinafunsidwe.

Kwa ife ophunzira chilankhulo, phunziro la kafufuzidwe ndi lakuti tisamadule zokambirana pa mzere wachiwiri. Mukamajambula kapena kulemba moni kuti mumusanthule, tsatirani mpaka pamene anthu asintha nkhani, ndipo muwerenge kuti mafunso anali angati, "koma" walowa pa funso liti, ndipo ndani anamutulutsa. Yerekezani moni wa pakhomo, wa pamsika ndi wa pa foni pakati pa anthu omwewo. Ndikuyembekezera kuti mudzapeza "ndili bwino" ali chimodzimodzi m'malo onse atatu, ndipo kusiyana kudzakhala pa kutalika kwa zimene zikumutsatira. Ndipo mukamaphunzitsa mlendo Chichewa, musamulekere pa "Muli bwanji?" Muphunzitseninso "Kunyumba kuli bwanji?" ndi "N'kwabwino?", ndi kudikira pang'ono akafunsa.